Mphindi zitatu za bambo a mkwatibwi

Pa madyerero a ukwati a masiku ano, makamaka m'maholo a m'tauni, nthawi yambiri imathera pa perekaniperekani. Woyendetsa mwambo amaitana a kuchikazi, a kuchimuna, a kuntchito, a kwaya, gulu lililonse ndi nyimbo yake, owerenga ndalama ali kalikiliki patebulo pawo. Bambo a mkwatibwi amapatsidwa chimkuzamawu penapake pakati pa zonsezi, kawirikawiri dzuwa litapendeka, anthu ena atayamba kale kusuzumira kukhomo. Nthawi imene ali nayo ndi mphindi zitatu, zikachuluka zisanu. Abambo ambiri, ngakhale odziwa kuyankhula pagulu, amasokonekera pomwepa.

Chifukwa chake chilipo. Pa chikhalidwe cha Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, mwini mbumba ndi malume. Nkhani za ukwati zimayendetsedwa ndi ankhoswe, ndipo pa chinkhoswe ndi iwowo amene amaonekera posinthana tambala ndi msoti, bambo ali phee pampando. Malangizo a m'nyumba amaperekedwa mseri ndi alangizi. Kumpoto, kumene kuli malowolo, mbali ya bambo ili ndi mawu amphamvu, komabe nakonso amene amakambirana ndi azibale ndi athenga. Choncho bambo amene waimirira muholo lero sanaonepo agogo ake akuchita zimenezi, ndipo alibe poonera. N'chifukwa chake amabwereka udindo wa ena. Wina amasanduka mbusa n'kubwereza ulaliki umene anthu anamva kale m'mawa kutchalitchi. Wina amasanduka mlangizi, n'kuyamba kukamba za kuchipinda pamaso pa ana. Woipitsitsa ndi uja amawerengera ndalama zimene anawonongera mwanayo kuyambira ku pulayimale mpaka ku koleji, ngati akupereka ngongole kwa mkamwini.

Ntchito ya bambo pa mphindi zimenezi ndi imodzi, ndipo palibe wina angaigwire: kunena pamaso pa mabanja awiri kuti mwanayu amakondedwa kwawo, akupita ndi madalitso, ndipo akadali mwana wa pakhomopo. Abambo athu ambiri sanazolowere kunena zotere. Chikondi chawo chimaonekera pa fizi, pa thumba la chimanga, pa kudzuka usiku kuthamangira kuchipatala. Mwana wamkazi amatha kufika tsiku la ukwati wake asanamvepo pakamwa pa bambo ake kuti amanyadira naye.

Tiyerekeze bambo amene mwana wake, Naphiri, akukwatiwa. Atatha kupereka ulemu mwachidule kwa abusa, mafumu ngati alipo, ankhoswe ndi asewere, angayankhule chonchi:

"Naphiri mwana wanga, uli sitandade 3 ndinadwala malungo, ndinagona masiku angapo. Unkabwera kuchokera kusukulu, yunifolomu osavula, n'kukhala pakhomo la chipinda kundilondera, ati kuopa kuti ndingasowe wonditungira madzi. Mtima umenewo sunasinthe mpaka lero. Ine ndi amayi ako takulera, koma nawenso watilera. Apongozi, inu takuonani, takufunsani, ndipo takulandirani ndi manja awiri. Amene mukumutengayu ndi munthu wachifundo, koma akakhumudwa amangokhala chete. Mukaona watero, musadikire mawa, mufunseni. Asewere, mwana wathu ndi uyu, mumusunge monga mmene ife tidzasungire wanu. Mwana wanga, pita ukamange banja lako. Pakhomo paja ukupadziwa, sitidzakufunsa chimene wabwerera. Mulungu akudalitseni nonse awiri."

Mawu amenewa satha ngakhale mphindi ziwiri, koma taonani mmene akhalira. Muli kankhani kamodzi kokha, koona, kamene bambo yekha ndiye angakakumbuke. Kunena kuti "mwana wanga ndi wakhalidwe, waulemu, woopa Mulungu" kumamveka pa ukwati uliwonse, ndipo anthu amangoomba m'manja mwamwambo. Koma kamtsikana ka yunifolomu kali pakhomo la chipinda kamachititsa holo yonse kukhala zii, amayi ena n'kuyamba kufuna nsonga ya chitenje. Posankha kankhaniko pafunika nzeru. Kakhale koonetsa mtima wa mwanayo, osati komuchititsa manyazi. Zokodza pamphasa, za zibwenzi zakale, za mayeso amene analephera, zonsezo zitsale kunyumba, ngakhale zitakhala zoseketsa chotani.

Onaninso kaitanidwe. Mwana wake akumutchula "iwe" chifukwa ndi mmene amuitanira kuyambira ali kumsana, ngakhale mabanja ena amasinthira ku "inu" mwana akakula, ndipo zimenezo n'zabwinonso. Koma mkamwini ndi "inu" basi. Bambo amene anena kuti "iwe mnyamata, ukadzamuvutitsa udzandiona" angaganize kuti akuseketsa anthu, koma a kuchimuna amasunga mawu amenewo zaka zambiri. Chenjezo lofunika laperekedwa kale m'mawu aja akuti "mumusunge", ndipo amene ali ndi makutu wamva.

Chiganizo chimene ena angatsutsane nacho ndi chija cha pakhomo. Adzati bambo akuphunzitsa mwana kuthawa banja, pamene akulu amati banja ndi kupirira. Kupirira kulipodi: ntchito ikatha, matenda akalowa, mwana akachedwa kubwera. Koma mawu omwewo, akanenedwa opanda malire, atsekera amayi ambiri m'nyumba zimene akumenyedwamo, chifukwa amakumbukira kuti bambo awo ananena pagulu kuti "usadzabwerenso kuno". Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006, koma mkazi asanaganize za polisi kapena bwalo la milandu amayamba wadzifunsa ngati kwawo akamulandira. Bambo angayankhe funso limenelo lisanafunsidwe, mwaulemu, osatchula n'komwe za nkhanza pa tsiku la chisangalalo. Kuweruza milandu ya m'banjamo ndi ntchito ya ankhoswe, ndipo bambo sakuwalanda.

Zotsalazo n'zing'onozing'ono, koma n'zimene zimagwetsa anthu. Mayina a asewere ndi a ankhoswe alembedwe pakapepala, poti kuphonya dzina la apongozi a mwana wako pagulu kumapweteka kuposa kuiwala chiganizo. Mawuwo ayambe amvedwa ndi amayi a mwanayo kunyumba. Iwo ndi amene amadziwa zimene mwana sangafune kuti zituluke. Komiti ya ukwati ipemphedwe kuti mawu a makolo abwere koyambirira, akwati atangokhala pansi, perekaniperekani asanatenthe. Mowa udikire. Ngati bambo ndi mayi anasiyana, kapena mwanayo analeredwa ndi malume, agogo kapena bambo omupeza, woyankhulayo athokoze amene anagwira ntchitoyo powatchula, ndipo zakale zisakumbidwe. Misozi ikabwera, palibe chifukwa chopepesera. Aime pang'ono, apume, apitirize.

Chizindikiro chakuti mawu atalika sichivuta kuchiona: woyendetsa mwambo amayamba kuyandikira, woimba nyimbo amayesa zida zake chapansipansi, mkwatibwi amawerama. Zikafika apo, ngakhale mawu abwino amakhala atatayika.

Inu bambo amene mwana wanu ukwati wake walengezedwa kale kutchalitchi, musadikire kuti mawu adzabwera okha mukadzagwira chimkuzamawu. Khalani pansi sabata ino, mukumbuke kankhani kamodzi ka mwana wanuyo, mukalembe, ndipo muwawerengere amayi ake mukuyang'ana wotchi.