Botolo la uchi lisasinthe nkhope pa zithunzi

Wogulitsa uchi akufuna zithunzi zisanu ndi chimodzi zotsatsira malonda ake: botolo lili patebulo la kadzutsa pambali pa buledi, lili m'dengu, lili pashelefu ya m'khitchini, ndi malo ena otero. M'malo molipira wojambula, akugwiritsa ntchito pulogalamu yapakompyuta yopanga zithunzi kuchokera ku mawu. Zithunzi zikutuluka zokongola ndithu, koma mukazindandalika pamodzi mupeza kuti chivundikiro chinali chachikasu apa, apo chafiirira, khosi la botolo latalika, ndipo dzina la pa lebulo lasanduka zilembo zosawerengeka. Kasitomala angaganize kuti ndi uchi wa anthu asanu ndi mmodzi.

Gwero la vutoli ndi mmene mapulogalamuwa amagwirira ntchito. Stable Diffusion, yomwe inatuluka mu 2022, ndi ina yofanana nayo, siisunga botolo lanu penapake. Chithunzi chilichonse imachiyamba kuchokera ku timadontho tosokonekera, n'kumatikonza pang'onopang'ono mpaka tifanane ndi mawu amene mwalemba. Mawu oti "botolo la uchi la chivundikiro chachikasu" akukwanira mabotolo ambirimbiri, ndiye ulendo uliwonse imatola lina. Ena amati ingobwerezani nambala imodzimodzi pa `seed`. Nambalayo imangobweza timadontho toyambira tomwe tija. Mukasintha mawu kuchoka patebulo kupita m'dengu, botolo nalo limasintha.

Za lebulo zili ndi chifukwa chake chapadera. Stable Diffusion yoyambayo imapanikiza chithunzi kasanu ndi katatu m'litali ndi m'lifupi isanayambe kujambula, kotero chithunzi cha timadontho 512 mbali iliyonse chimagwiridwa ngati cha 64. Chilembo chotalika timadontho 16 chimatsala ndi malo awiri okha. Pobwezeretsa, pulogalamu imangopeka chooneka ngati chilembo. Mapulogalamu atsopano akuchita bwinoko pa zilembo zikuluzikulu, koma timawu ting'onoting'ono ta kulemera kwa uchi ndi nambala ya foni timapotokabe.

Pali njira yophunzitsa pulogalamu botolo lanulo. DreamBooth, yomwe akatswiri a Google anaionetsa mu 2022, imatha kuphunzira chinthu pa zithunzi zitatu mpaka zisanu, ndipo ambiri masiku ano amachita zofananazo ndi LoRA. Maonekedwe ndi mtundu imagwira bwino. Lebulo ndiye ayi. Kwa wogulitsa chidole kapena mpando zingakwanire. Kwa katundu wolembedwa dzina, ine sindingaidalire yokha.

Chodalirika n'kusalola pulogalamu kujambula botololo ngakhale pang'ono. Lijambuleni nokha ndi foni, kumbuyo kuli khoma loyera, kuwala kukuchokera pawindo la kumanzere. Jambulani katatu: kamera ili molingana ndi botolo, ili chokwera pang'ono, ndiponso ili pamwamba penipeni. Chotsani khomalo, musunge botolo lokha ngati `PNG`. Kenako pa gawo lotchedwa `inpaint` tetezani botolo, pulogalamu ijambule zolizungulira zokha.

Ntchito yeniyeni ili pa kugwirizanitsa malowo ndi botolo. Popeza kuwala kunachokera kumanzere, mawu a chithunzi chilichonse anene kuti windo kapena dzuwa lili kumanzere. Apo ayi mthunzi wa kapu udzagwera uku, kunyezimira kwa botolo kukuloza kwina. Tebulo looneka chapamwamba lifuna botolo lojambulidwa chapamwamba, n'chifukwa chake tinajambula katatu. Ndipo pansi pa botolo pamafunika kamthunzi kakuda kopyapyala pamene galasi lakhudza thabwa. Kakasowa, botolo limaoneka ngati likuyandama. Kuti kabwere, lolani pulogalamu ikhudze kamzere kochepa kozungulira tsinde la botolo, `denoising strength` ili pafupi ndi 0.3. Mukaikweza kufika cha ku 0.7 iyamba kuumba tsinde latsopano. Pomaliza, matani botolo lenileni lija pamwamba pa chithunzi chomwe chatuluka, chifukwa kupanikiza kuja kumatha kukhudza ngakhale mbali yotetezedwa.

Diso lokha limanyengeka, makamaka mukayang'ana zithunzizo nthawi yaitali. Mu GIMP, yomwe ndi yaulere, ikani botolo loyambirira pamwamba pa latsopano n'kusankha `Difference`. Pofanana ponse pamada bii. Pomwe pasintha pamawala. Ngati m'mphepete mwa lebulo mwawala, pulogalamu yadyako.

Zovuta ziwiri zimatsalabe. Galasi limaonetsa zakumbuyo kwake, choncho khoma loyera lija limaonekerabe pakhosi pa botolo pomwe uchi sunafike, ngakhale botolo lili m'dengu lofiirira. Njira yachidule n'kujambula botolo lodzaza mpaka kukhosi. China ndi dzanja. Zala zogwira botolo zimayenera kuphimba mbali ya lebulo, ndipo apa pulogalamu imasokoneza zala kapena lebuloyo. Chithunzi chimenecho pemphani munthu agwire botolo, mujambule dzanja ndi botolo pamodzi, pulogalamu ingowonjezera khitchini kumbuyo.