Zimene Chiwongoladzanja cha Bondi ya Zambia Chinkanena

M'mwezi wa Seputembala 2012, boma la Zambia linakongola madola 750 miliyoni pamsika wa mayiko akunja pogulitsa bondi ya zaka 10. Bondi ndi chikalata cha ngongole: wogula amabwereketsa ndalama, nkumalandira chiwongoladzanja chaka ndi chaka. Ogula bondiyi ankapindula pafupifupi 5.6 peresenti pachaka, pomwe bondi ya zaka 10 ya boma la Amereka, yomwe anthu amati kubwezedwa kwake nkosakayikitsa, inkapereka pafupifupi 1.7 peresenti.

Kusiyana kwa 3.9 kumeneku ndi mtengo wa mantha a obwereketsa, ndipo munthu angathe kuwerengera kuti manthawo anali aakulu bwanji.

Tiyerekeze munthu amene wabwereketsa madola 100. Chaka chilichonse amalandira madola 3.90 apamwamba poyerekeza ndi mnzake amene anakongoza Amereka. Wokongola akalephera kubweza, si zonse zimene zimalowa m'madzi, chifukwa pamakhala kukambirana ndipo kangachepe kamabwerera. Akatswiri amakonda kuyambira pa madola 40 pa 100 alionse, kutanthauza kuti 60 ndiwo atayika. Kuti 3.90 uja akwanire kulipira chiopsezocho, mwayi wolephera kubweza uyenera kukhala 3.9 kugawa ndi 60, omwe ndi 6.5 peresenti pachaka. M'mabuku amalemba `p = s / (1 − R)`, pomwe `s` ndi kusiyana kwa phindu kuja, `R` ndi gawo lobwerera.

Chiwerengerochi chimaoneka chochepa, koma chimaunjikana. Mwayi wodutsa chaka chimodzi bwinobwino ndi 93.5 peresenti. Kudutsa zaka zonse 10 popanda vuto kumatsika mpaka pafupifupi 51 peresenti. Ndiye kuti mtengo wa bondiyo unkanena kuti kubweza ndi kusabweza zinali pafupifupi theka ndi theka.

Pofooka penipeni pa masamuwa ndi pa `R`, chifukwa gawoli limadziwika ngongole itavuta kale. Woganiza kuti pabwerera madola 20 okha apeza 4.9 peresenti pachaka, pomwe woyembekeza 60 apeza pafupifupi 9.8. Bondi ndi yomweyo, koma yankho lawirikiza. Nchifukwa chake aliyense wotchula mwayi wolephera ayenera kufunsidwa kuti watenga `R` wanji.

Komanso 3.9 uja sikuti yense ndi wa kulephera kubweza. Gawo lina ogula amalifuna chifukwa bondi yotere imavuta kugulitsa msanga, lina nchipepeso chokhalira ndi nkhawa, popeza mayiko amakonda kugwa nthawi imene misika yonse yasokonekera. Motero yankho la masamuwa nthawi zambiri limaposa mmene ongongola amalepherera kwenikweni, ndipo ndi bwino kulitenga ngati malire apamwamba.

Zambia inalepheradi mu Novembala 2020, itakanika kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa bondi ina ya madola, kutatsala pafupifupi zaka ziwiri kuti ya 2012 ija ikhwime.