Chitseko chikatsekedwa, mfumu ndi nyapala

Ikamakwana 4 koloko madzulo, ife kunja kuno dzuwa likadali pamwamba, m'ndende zikuluzikulu za dziko lino tsiku limakhala litatha kale. Akaidi awerengedwa, alowa m'maselo, msilikali wakhoma loko n'kuchokapo. Chitsekocho sichitsegukanso mpaka m'mawa, patadutsa maola oposa 14. M'maola onsewa, boma limathera pakhomo. M'kati muli ulamuliro wina, ndipo mwini wake ndi nyapala.

Nyapala ndi mkaidi ngati anzake, koma wakhalitsa, amadziwa zonse za m'ndendemo, ndipo akuluakulu a ndende amamudalira kuti asunge bata. Amaweruza milandu ya m'selo, amagawa ntchito yokolopa ndi kutaya chidebe, amagogoda chitseko wina akadwala usiku. Asilikali ndi ochepa, akaidi ndi khwimbi, choncho popanda anyapala ndende sizingayende. Alipo ena achilungamo, amene amateteza odwala ndi okalamba. Komabe mphamvu yaikulu ya nyapala ili pa chinthu chimodzi chomwe ife sitichiwerengera: malo ogona.

Ndende ya Zomba inamangidwa mu 1935 kuti izisunga anthu mazana angapo chabe, koma yakhala ikusunga oposa 2,000. Ku Chichiri ndi ku Maula nako anthu ndi othithikana. Zikatere, simenti yapansi imasanduka chuma. Malo a kukhoma, kumene munthu angathe kugona chammbali n'kutambasula miyendo, ndi a okhalitsa ndi otha kulipira. Otsala onse amakhala pakati, pamene akaidi amapatcha kuti shamba. Pa shamba sagona. Anthu amakhala pansi m'mizere, aliyense pakati pa miyendo ya mnzake, mutu atautsamiritsa pamsana pa amene ali kutsogolo, mpaka kucha. Akachita miyezi ali pamenepo miyendo imatupa, mphere zimagwira, ndipo wa chifuwa chachikulu akatsokomola, mpweya wake amapuma onse.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 22 amene waba mbuzi ndipo khoti lamupatsa zaka 3. Kwawo ndi kutali, makolo alibe ya basi. Usiku woyamba amuika pa shamba. M'mawa alandira foya, chovala choyera cha akaidi chija. Chakudya ndi kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo, ndipo akamaliza m'mimba mumakhala mukulirabe. Sabata isanathe wazindikira kuti anthu m'selomo si ofanana. Amene abale amawayendera ali ndi sopo, shuga, usipa ndi ufa, ndipo zinthu zimenezi ndiye ndalama za kundende. Sopo amagula bulangete, fodya amagula ndiwo zoonjezera kwa ophika, ndalama ikapezeka imagula malo a kukhoma.

Mnyamata wathuyu alibe chogulitsa kupatula mphamvu zake. Ayamba kuchapira ena, kuwatungira madzi, kuwaphikira pa kambaula. Wina wamkulu amukomera mtima, lero nsima, mawa chofunda, mkucha malo pafupi naye. Kwa eni kulibe mkuwe, iye angolandira. Koma ngongole yotere imadzabwezedwa, ndipo nthawi zina imabwezedwa ndi thupi. Kafukufuku wa matenda a Edzi m'ndende za Malawi yemwe Dorothy Jolofani ndi Joseph DeGabriele anachita mu 1999 anafotokoza za anyamata osauka amene amasandutsidwa "akazi" a akaidi akuluakulu posinthana ndi chakudya ndi zofunda. Nkhaniyi ambiri timaipewa chifukwa ndi yochititsa manyazi, koma gwero lake ndi njala, ndipo woyenera kuchita manyazi si mwana wanjalayo.

Kodi akadandaule kwa yani? Apa ndi pamene pali lamulo lalikulu la m'selo: zam'kati sizituluka. Wonenera kwa asilikali amatchedwa kazitape, ndipo madzulo chitseko chikatsekedwa adzakhala yekha ndi omwe wawanenerawo. Choncho mnyamata aphunzira kutseka pakamwa. Aphunzira kusaonetsa mantha, kusakhulupirira aliyense amene akumumwetulira, kubisa chake, kumenya msanga asanamenyedwe. Aphunziranso kunjuta, bwana akamadutsa. Ndipo poti usiku ndi wautali ndipo nkhani n'zambiri, wakuba mbuzi uja amva kwa akatswiri mmene amathyolera sitolo ndi kumene amagulitsa katundu wakuba.

Zonsezi si uchitsiru kapena kuuma mutu. M'selo ndi nzeru zopulumukira. Vuto ndi lakuti nzeru zomwezo zimamugwetsa akatuluka.

Akasunga mwambo, lamulo limalola kumuchotsera gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango, ndiye kuti zaka 3 zija atuluka atatha ziwiri. Kwa zaka ziwiri sanasankhepo nthawi yodzuka, yodya kapena yogona. Tsopano ali pageti ndi kajumbo m'manja, ndipo zonse aganize yekha. Abale amaona zizindikiro koma sazimvetsa. Amadya mothamanga atafungatira mbale. Tulo sabwera pamphasa yotakasuka. Mwana akangomukhudza kumsana amadzidzimuka mwaukali. Ukamufunsa za kumeneko amangoti "zinatha". Pa ganyu, kapena amadikira kuuzidwa kanthu kalikonse, kapena amapsa mtima akadzudzulidwa pagulu, pakuti kumene wachokera kunyozeka pamaso pa anthu kunali kutaya malo ako. M'mudzi namo nkhuku ikasowa, maso onse ali pa iye. Mkazi mwina anakwatiwa kwina, munda anagawana. Anthu okhawo amene amamulandira osafunsa mafunso ndi aja anagona nawo pa shamba. Akabwereranso kundende timati ndi chibadwa chake, chonsecho njira tinamulambulira tonse.

Makhoti anaziona kale izi. Mu 2009, pa mlandu womwe Gable Masangano anasumira boma m'malo mwa akaidi onse, khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti kuthithikana kotere, m'maselo mopanda mpweya wokwanira, ndi nkhanza zonyazitsa umunthu. Linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse ndi theka kudzaza kwa ndende. Miyezi ija inatha kalekale, shamba ikadalipo. Ine ndimaona kuti apa ndiye pagona nkhani. Tikhoza kusintha anyapala, kuwalangiza, kuwalanga, koma malinga ngati anthu atatu akulimbirana malo a munthu mmodzi, wogawa malowo adzakhalabe mfumu, ndipo malowo adzagulitsidwabe. Wakuba zazing'ono amene akanatha kugwira ntchito yothandiza anthu m'dera lake, ndi wa pa rimandi amene akanapatsidwa belo, aliyense wa iwo akalowa amakankhira wina pa shamba.

Zabwino ziliko. Akaidi ena amalemba mayeso a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 ali m'kati momwemo n'kukhoza bwino. Ena amaphunzira ukalipentala, utelala ndi ulimi. Ku Balaka kuli nyumba ya bungwe la Prison Fellowship Malawi kumene otuluka amayamba azolowera moyo wakunja ndi kuphunzira luso asanapite kwawo. Kungoti malo ndi ochepa, ndipo munthu amene wachezera chokhala usiku wonse, m'mimba muli pululu, sangagwire cholembera bwino m'mawa.

Pali chimodzi chomwe sichidikira bajeti ya boma. Mkaidi woyenderedwa sadalira chifundo cha wina kuti adye kapena kusamba, ndipo amadziwa kuti kunja kuli pakhomo pomwe dzina lake likutchulidwabe. Ngati muli ndi mbale wanu ku Maula, ku Chichiri, ku Mzuzu kapena ku Zomba, ngakhale anakulakwirani chotani, musadikire tsiku lotuluka. Mutengereni sopo ndi kaufa mwezi uno, mukamuone.