Digiri yeniyeni ili m'kaundula wa yunivesite

Ife amene ntchito yathu ndi kufufuza mapepala a maphunziro timafunsidwa kawirikawiri kuti tiyang'ane satifiketi n'kunena pomwepo ngati ili yeniyeni. Anthu amayembekezera kuti tiikweza padzuwa, tipapasa chidindo, tiyerekeza siginecha, kenaka tigamula. Ine ndimakana kugamula mwa njira imeneyo, ndipo pali chifukwa. Digiri imabadwa tsiku limene seneti ya yunivesite yavomereza kuti wophunzira wakwaniritsa zonse, dzina lake n'kulowa m'kaundula wa omaliza maphunziro. Pepala limene munthu amapachika pakhoma limangochitira umboni zimene zili m'kaundulamo. Pepala likhoza kupsa m'nyumba, mwini wake n'kukhalabe ndi digiri. Likhozanso kukhala lokongola, la chidindo chonyezimira, koma dzina la mwini wake mulibe m'kaundula. Choncho funso loyenera ndi lakuti kodi yunivesite ikumudziwa munthuyu, ndipo amene angayankhe ndi ofesi ya rejisitara wa yunivesiteyo basi.

Ambiri kuno ku Chipata amakhutira akaona fotokope yodindidwa ndi loya kapena wolumbiritsa anthu. Chidindo chimenecho chimangonena kuti fotokope ikufanana ndi pepala limene anaonetsedwa. Wodindayo sanafunse ku University of Zambia kapena ku Copperbelt University, ndipo si ntchito yake kutero. Ngati pepala loyambalo linali lachinyengo, ndiye kuti muli ndi fotokope yolondola ya chinthu chabodza. Mu 2017 bungwe la Teaching Council of Zambia litayamba kulembetsa aphunzitsi, linapeza aphunzitsi pafupifupi 500 okhala ndi mapepala achinyengo. Anthu amenewa anali kale pantchito, kutanthauza kuti mapepala awo anadutsa m'manja mwa akuluakulu angapo amene anawayang'ana ndi maso. Chimene chinawaulula ndi kuyerekeza mapepalawo ndi zolembedwa za mabungwe amene ankati ndiwo anawapereka.

Tiyeni titenge chitsanzo. Sukulu ina yomwe si yaboma mumzinda muno ikufuna mphunzitsi wa sekondale, ndipo mayi wina wabweretsa digiri ya uphunzitsi ya University of Zambia, ya chaka cha 2015. Choyamba mphunzitsi wamkulu apemphe mayiyo asayine kalata yololeza sukulu kufunsa za maphunziro ake. Mbiri ya wophunzira ndi yachinsinsi, dziko lino lili ndi lamulo la 2021 loteteza mbiri za anthu, ndipo yunivesite yosamala siingaulule kanthu kwa mlendo wongoimba foni. Pamodzi ndi chilolezocho atenge fotokope ya satifiketi, chikalata cha magiredi a chaka ndi chaka, chitupa cha NRC, ndi nambala imene mayiyo ankadziwika nayo ali wophunzira, imene a ku UNZA amaitcha nambala ya kompyuta. Nambala imeneyi ndi yofunika kuposa dzina. Kuno kum'mawa a Banda, a Phiri, a Tembo ndi a Zulu ndi ochuluka, ndipo n'zotheka kuti anthu awiri a mayina ofanana amalize chaka chimodzi. Funsaninso dzina limene ankagwiritsa ntchito nthawi imeneyo, poti mayi amene anakwatiwa mu 2018 sadzapezeka m'kaundula wa 2015 ndi dzina la mwamuna wake.

Pamene anthu ochenjera amagwera m'mbuna ndi pa adiresi. Musagwiritse ntchito nambala ya foni kapena imelo imene yalembedwa pa satifiketi, pa kalata yoperekeza, kapena imene wofunsira ntchito wakupatsani. Amene wapanga pepala labodza angathenso kukonza munthu woyankha foni. Mu 2015 nyuzipepala ya New York Times inaulula kampani ya Axact ya ku Karachi, m'dziko la Pakistan, imene inkagulitsa madigiri a mayunivesite ambirimbiri opezeka pa intaneti pokha. Kampaniyo inali ndi antchito oyankha mafoni, kotero kuti bwana wofuna kutsimikiza ankalandira yankho laulemu kuchokera kwa anthu omwewo amene anagulitsa pepalalo. Adiresi muipeze nokha. Ya University of Zambia imathera ndi unza.zm, ya Copperbelt University imathera ndi cbu.ac.zm, ndipo yankho lochokera ku gmail.com, ngakhale litasayinidwa ndi munthu wodzitcha rejisitara, ndimaliwerenga ngati silinabwere. Muwerengenso adiresiyo chilembo ndi chilembo, chifukwa achinyengo amangosintha chilembo chimodzi. Ngati muli ndi mnzanu ku Lusaka, palibe cholakwika kumutuma akapereke kalatayo pamanja ku ofesi ya UNZA ya pa Great East Road.

Kalata yake ikhale yaifupi, koma mafunso ake akhale olunjika. Funso lakuti kodi munthuyu anaphunzira kwanuko ndi lofooka, chifukwa amene analowa chaka choyamba n'kulephera chachiwiri anaphunziradi kumeneko. Chinyengo chambiri chimakhala cha mtundu umenewu: munthu amadziwa mayina a aphunzitsi, amadziwa nyumba zogona, ali ndi nambala yeniyeni, koma sanamalize. Ena anamaliza dipuloma n'kuikweza kukhala digiri, ena anasintha mulingo wa kakhozedwe kawo. Choncho mphunzitsi wamkulu uja afunse ngati munthu wa dzina ili ndi nambala iyi anapatsidwa digiri, digiri yanji, tsiku liti, pa mulingo wanji, ndiponso ngati fotokope imene yatumizidwayo ikugwirizana ndi zimene zili m'kaundula. Yankho libwere molembedwa, kuchokera ku yunivesite kupita ku sukulu, osadzera m'manja mwa mwini satifiketi. Likabwera, liyerekezedwe ndi chitupa, makamaka tsiku lobadwa, chifukwa yunivesite imatsimikiza kuti digiri inaperekedwa kwa munthu wa dzina lakuti, koma siiona nkhope ya amene wakhala mu ofesi yanu. Satifiketi yeniyeni ya mkulu wake kapena ya malemu imadutsa bwinobwino ngati palibe amene wayang'ana chitupa.

Yankho lakuti sitikumupeza silitanthauza nthawi zonse kuti munthu ndi wakuba, ndipo apa ndi pamene ndimapempha mabwana kuugwira mtima. Chipata ili pafupi ndi Lilongwe kuposa Lusaka, ndipo mapepala a ku Malawi amadutsa pa Mwami tsiku ndi tsiku. Koma masukulu a kumeneko asintha mayina. Amene anamaliza ku Bunda mu 2009 ali ndi satifiketi ya University of Malawi, chifukwa nthawi imeneyo Bunda inali koleji ya yunivesiteyo, isanakhale mbali ya Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources. Mu 2021 University of Malawi inagawidwanso: Polytechnic ya ku Blantyre inakhala Malawi University of Business and Applied Sciences, pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinapanga Kamuzu University of Health Sciences. Pa satifiketi yotere lembani kuwiri, ku University of Malawi ku Zomba ndi ku sukulu yatsopanoyo, ndipo funso loyamba likhale lakuti kaundula wa chaka chimenecho akusungidwa kuti. Kusinthaku kumathandizanso kugwira bodza, poti satifiketi ya 2015 yokhala ndi dzina la yunivesite imene inayamba mu 2021 yadziulula yokha. Chimodzimodzi kuno kwathu, kumene makoleji ena amaphunzitsa mogwirizana ndi yunivesite: muone bwino kuti dzina la amene anapereka pepalalo ndi liti, chifukwa kumene munthu anakhala m'kalasi ndi kumene kuli kaundula nthawi zina kumasiyana.

Wina anena kuti zonsezi n'zosafunika poti tili ndi Zambia Qualifications Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti lizitsimikiza mapepala. Ndikuvomereza kuti kalata ya ZAQA ndi yofunika, ndipo malo ambiri a ntchito amaifuna. Koma ZAQA nayonso imadalira zolembedwa za amene anapereka satifiketi, ndiye gwero lake ndi kaundula yemwe uja. Komanso kalata ya ZAQA imene wofunsira ntchito wabweretsa m'manja ndi pepala ngati lina lililonse, ndipo iyeneranso kutsimikizidwa kwa eni ake. Pamene mabungwe a boma amaposa yunivesite ndi pa funso lina, limene yunivesite siingadziyankhire yokha: kodi sukuluyi ndi yovomerezeka? Sukulu yosalembetsedwa idzakuyankhani mokondwa kuti inde, digiri tinapereka, ndipo idzakhala ikunena zoona. Funso limenelo lipite ku Higher Education Authority, imene inabwera ndi lamulo la 2013, kapena ku National Council for Higher Education ngati sukuluyo ndi ya ku Malawi. Mufunsenso ngati maphunziro amenewo anali ovomerezeka, chifukwa kulembetsa sukulu ndi kuvomereza maphunziro ake ndi zinthu ziwiri.

Ena amadandaula za nthawi ndi ndalama, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka. Mayunivesite ambiri amalipiritsa, mayankho amachedwa makamaka nthawi ya mayeso ndi ya mwambo wa omaliza maphunziro, ndipo zolembedwa zakale zimafuna kuti munthu akatsegule mafayilo a pepala. Njira yake ndi kulemba munthu ntchito ndi mfundo yolembedwa m'kalata yakuti ntchitoyo idzakhazikika yankho likabwera. Ndalamazo zilipiridwe ku akaunti ya yunivesite ndipo lisiti lisungidwe. Wina akakuuzani kuti mutumize ndalama pa foni yake kuti afulumizitse zinthu, dziwani kuti mwachoka pa njira. Za ulemu, poti ena amaona ngati kufufuza n'kunyoza munthu wamkulu, yankho lake ndi kufufuza aliyense mofanana, kuyambira mwana wa mfumu mpaka mlendo, kuti pasakhale woganiza kuti akumukayikira yekha.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse n'chakuti kalaliki wa m'kati mwa yunivesite angalandire chiphuphu n'kuyankha bodza. N'zotheka. Koma dzina la womaliza maphunziro limasiya mapazi m'malo angapo: m'magiredi a dipatimenti, m'zolembedwa za seneti, ndi m'kabuku ka mayina kamene kamasindikizidwa pa mwambo wa omaliza maphunziro. Kalaliki mmodzi angalembe imelo yabodza, koma n'kovuta kuti asinthe zonsezi. Pa ntchito ya udokotala, unamwino kapena yosunga ndalama, lembani kalata yachiwiri kwa mkulu wa dipatimenti imene munthuyo akuti anaphunzirako, mufunsenso bungwe loyang'anira ntchitoyo, monga Health Professions Council of Zambia. Mayankho akasemphana, mwini satifiketi apatsidwe mpata wofotokoza molembedwa musanapite kupolisi, chifukwa chilembo cholakwika pa dzina kapena nambala yolembedwa mokhota zimachitika m'maofesi, ndipo kalata imodzi yowonjezera imakwanira kuzikonza.