Nyale imodzi, zingwe ziwiri: chasenza kwambiri n'chiti?

Nyale yolemera ikapachikidwa kudenga ndi zingwe ziwiri, ambiri amaganiza kuti zingwezo zagawana katundu pakati n'pakati. Zimatero pokhapokha zikapendekeka mofanana.

Tiyeni titenge nyale ya makilogalamu 10. Dziko limaikokera pansi ndi mphamvu ya manyutoni 98, koma kuti masamu asavute tingoti 100. Chingwe chakumanzere chagona, chapanga ngodya ya madigiri 30 ndi denga. Chakumanja chaimirirako, ngodya yake ndi madigiri 60.

Chingwe chopendekeka chimagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: chimanyamula nyale m'mwamba, kwinaku chikuikokera kumbali yake. Poti nyale yangokhala phee, ndiye kuti kukoka kwa kumanzere kwafanana ndi kwa kumanja, ndipo kunyamula kwa zingwe zonse ziwiri kwakwana 100 ndendende. Mphamvu ya chakumanzere tiitche A, ya chakumanja B:

```
A cos 30° = B cos 60°
A sin 30° + B sin 60° = 100
```

Mzere woyamba ukunena kuti 0.866 ya A ikufanana ndi theka la B, motero B ndi A kuchulukitsa ndi 1.73. Tikalowetsa zimenezi mumzere wachiwiri, chakumanzere chikunyamula theka la A, chakumanja chikunyamula A mmodzi ndi theka. Pamodzi ndi ma A awiri, ndipo akukwana 100. Choncho A ndi manyutoni 50, B ndi pafupifupi 87.

Choimirira ndicho chasenza kwambiri, ndipo ngati zingwezo n'zamtundu umodzi, choyamba kuduka n'chimenecho. Onaninso kuti 50 ndi 87 akupanga 137, kuposa kulemera kwa nyale. Masamu sanalakwike ayi. Mphamvu ina ikuthera pa kulimbirana kwa zingwezo: china chikukokera uku ndi manyutoni 43, chinzake uko ndi 43 yemweyo, ndipo kukokana kumeneku sikunyamula kanthu.

Ophunzira ambiri amagwera pa ngodya. Funso lina limayeza kuchokera kudenga, lina kuchokera pamzere woongoka wotsika pansi, ndipo ukapanda kusamala sin ndi cos zimasinthana malo. Kuzindikira n'kosavuta: yankho likaonetsa kuti chingwe chogona ndicho chasenza kwambiri, bwerera ukaonenso.

Choopsa chenicheni, makamaka kwa amisiri, ndiko kukungitsa zingwe kuti nyale ikwere pafupi ndi denga. Zonse ziwiri zikagona mpaka madigiri 5, chilichonse chimakoka ndi manyutoni pafupifupi 574, pa nyale yomwe ija ya 100. N'chimodzimodzi bulangete lonyowa pachingwe choyanikira zovala chokungika kwambiri, limazula msomali pakhoma. Pogula mbedza ndi zingwe, werengerani mphamvu yomwe zidzakoke pa ngodya yomwe mwasankha, osati makilogalamu a nyale okha.