Dzino Likaguluka Pangozi: Zochita mu Ola Loyamba

Kodi dzino logulukiratu lingagwirenso?

Lingagwire, ngati ndi dzino lomera kachiwiri ndipo muzu wake sunaume. Muzu wa dzino umakutidwa ndi timinofu topyapyala tokhala ndi maselo amoyo, ndipo ndi timeneti timamangirira dzino ku fupa la nsagwada. Dzino likakhala pouma mphindi 30, maselo ambiri amakhala atafa. Likapitirira mphindi 60, pafupifupi onse amatha. Dzino la ubwana silibwezeredwa, chifukwa likhoza kuvulaza linzake lomwe likukula kunsi kwa nkhama.

Wothandiza ayambe ndi chiyani?

Mwana wa zaka 9 akagwa panjinga n'kuguluka dzino lakutsogolo la m'mwamba, wothandiza atole dzinolo pogwira kumutu koyera, osakhudza muzu. Ngati lili ndi dothi, alitsukuluze pang'ono ndi mkaka kapena madzi amchere a kuchipatala. Asalikweche ndi mswachi, asalipukute ndi nsalu, asalipake sopo kapena sipiriti, poti zonsezi zimachotsa timinofu tija. Kenako alilowetse m'dzenje lake, nkhope yake ikuyang'ana kunja ngati linzake loyandikana nalo, alikankhe pang'onopang'ono ndi chala, mwanayo alume kansalu koyera, ulendo wa kwa dokotala wa mano uyambike. Palibe chosungiramo choposa dzenje lomwe dzinolo latulukamo. Koma ngati wovulalayo wakomoka, dzino lisabwezeredwe m'kamwa, ndipo mutu wa wovulalayo ndiwo uyambe kusamalidwa.

Likalephereka kubwezera, lisungidwe muti?

Mu mkaka wozizira wa m'paketi, lonse litamira. Madzi wamba alibe mchere wokwanira, kotero amalowa m'maselo mpaka maselowo kufufuma ndi kuphulika. Mkaka uli ndi mchere ndi shuga pamlingo woyandikira wa madzi a m'thupi, suwawasa, ndipo umasunga maselowo kwa maola angapo. Chambiko ndi yogati siziyenera chifukwa ndi zowawasa.

Mkaka ukasowa, wovulalayo alavulire m'kapu, dzino likhale m'malovumo. Malovu ali ndi tizilombo ndipo sasunga maselo nthawi yaitali, komabe amathandiza panjira. Kuvumata dzino m'tsaya sikoyenera kwa mwana wamng'ono, akhoza kulimeza. Madzi a pampopi abwere pomaliza penipeni, ngakhale amaposabe kukulunga dzino m'pepala, komwe anthu ambiri amachita poyesa kulisamala koma kumaliumitsa msanga.

Dzino louma likabwezeredwa chimachitika n'chiyani?

Muzu umamatirira ku fupa popanda timinofu pakati, ndipo thupi limaudya pang'onopang'ono n'kuikapo fupa. Dzino lotere siligwedera n'komwe, likagogodedwa limalira ngati chitsulo, ndipo mwa mwana limaoneka lalifupi nsagwada ikamakula.

Kuchipatala amachita chiyani?

Dokotala amafunsa nthawi yomwe dzino linakhala pouma ndi chomwe linasungidwamo, choncho wothandiza ayang'ane wotchi ngozi ikangochitika. Dzinolo limamangiriridwa kwa anzake ndi kawaya kofewa kwa masabata awiri, katemera wa kafumbata amaunikidwa, ndipo ngati muzu unakhwima kale, mtsempha wa m'kati umachotsedwa masabata awiriwo asanathe.