Por ndi para: komwe nkhani ikuchokera ndi komwe ikupita

Munthu akayamba kuphunzira Chisipanishi, sipatenga nthawi asanakumane ndi timawu tiwiri tofanana maonekedwe, por ndi para. Timawuti n'tapachibale ndithu, chifukwa para anachokera ku mawu akale akuti pora, omwe anali por wophatikizidwa ndi a, kamawu kosonyeza kolowera. Mbiri imeneyi ndiyo ikutithandiza kuwasiyanitsa: por amaloza komwe chinthu chachokera kapena njira imene chadzera, pamene para amaloza kutsogolo, komwe chinthucho chikukathera.

Kwa ife olankhula Chichewa vuto lili pa mneni wathu. Tikati "ndachitira amayi", kachidutswa ka -ir- kamanyamula matanthauzo angapo nthawi imodzi. Mwina chinthucho n'choti amayi alandire, mwina tachita chifukwa cha iwo, mwinanso tagwira ntchito m'malo mwawo. Chisipanishi chimafuna kuti wolankhula asankhe.

Tiyerekeze mtsikana amene amathandiza mayi ake kuphika buledi mumzinda wa Oaxaca ku Mexico. Akati "Hice el pan para mi madre", ndiye kuti waphika bulediyo kuti amayi akewo alandire ndi kudya. Koma akati "Hice el pan por mi madre", bulediyo akhoza kupita kwa ogula monga mwa masiku onse. Chimene akutiuza n'chakuti amayi ndiwo amuchititsa kuphika, kaya chifukwa chowakonda, kaya chifukwa akudwala ndiye iye wawalowa m'malo. Choncho wolandira amatsogozedwa ndi para, ndipo woyambitsa amatsogozedwa ndi por.

Kusiyana komweku kumaoneka pakati pa chifukwa ndi cholinga. Tsiku lina mtsikanayu watseka sitolo msanga. "Cerré por la lluvia" akutanthauza kuti watseka chifukwa cha mvula: mvula inayamba kugwa, kutseka kukubwera pambuyo. "Cerré para descansar" akutanthauza kuti watseka kuti apume: kutseka ndiko kwayamba, kupuma kuli kutsogolo. Mukakayika, dzifunseni kuti pa ziwirizi chayamba n'chiti. Ngati m'Chichewa mukanati "chifukwa cha", tengani por. Ngati mukanati "kuti" kapena "pofuna", tengani para. Mafunso nawonso amatsata njira yomweyi: "¿por qué?" amafunsa chimene chachititsa, ndipo "¿para qué?" amafunsa chimene munthu akufuna kupeza.

Apa m'pamene ophunzira ambiri amalakwitsa pothokoza. Poganiza kuti kuthokoza kukupita kwa munthu, amati "gracias para", zomwe mwini chiyankhulo amamva msanga kuti sizili bwino. Timathokoza chifukwa cha chinthu, ndiye wogula anene kuti "Gracias por el pan". Mtengo nawo umafuna por, popeza chinthu chikulowa m'malo mwa chinzake: "Pagué 20 pesos por el pan", ndalipira mapeso 20 posinthana ndi buledi.

Pa nkhani ya nthawi pafunika kusamala. Por amatha kusonyeza utali wa nthawi imene chinthu chatenga, monga "Trabajé por 3 horas", ndagwira ntchito kwa maola 3. Kanenedwe aka kamamveka kwambiri ku Latin America. Ku Spain anthu amakonda kunena "durante 3 horas", kapena kungoti "Trabajé 3 horas" popanda kamawu kalikonse, ndipo njira ziwirizi n'zovomerezeka kulikonse kumene Chisipanishi chimalankhulidwa. Por amatchulanso chigawo cha tsiku: "por la mañana" ndi m'mawa, "por la tarde" ndi masana kapena madzulo.

Koma para amaika malire amene ali kutsogolo. Wogula akauza mtsikana uja kuti "Necesito 50 panes para el lunes", sakunena kuti kuphika kutenge tsiku lonse la Lolemba. Akunena kuti pofika Lolemba mabuledi 50 akhale atapsa. Wophika amene wamva molakwika akhoza kuyamba kukanda ufa pa tsiku limene katundu amayenera kukhala atanyamulidwa kale.

Zoona, pali mawu ena okhazikika monga "por favor", kutanthauza chonde, ndi "por ejemplo", mwachitsanzo, amene amangofunika kuloweza. Koma pa chifukwa, cholinga, nthawi ndi wolandira, kuloweza mndandanda wa malamulo sikuthandiza kwenikweni. Chothandiza n'kutenga chiganizo chimodzi cha zimene mwachita lero, n'kuchinena kawiri, koyamba ndi por, kachiwiri ndi para, kenako n'kudzifotokozera m'Chichewa mmene tanthauzo lasinthira. Mukafika potha kunena mosakayika kuti "trabajo para mi tío" ndi munthu wolembedwa ntchito ndi amalume ake, pamene "trabajo por mi tío" ndi munthu wogwira m'malo mwawo kapena chifukwa cha iwo, ndiye kuti mwayamba kusankha ngati mmene eni chiyankhulochi amasankhira.